Mafunso ndi mayankho: kugawa fizi m'zigawo pogwiritsa ntchito chithunzi cha invoisi ya sukulu

Invoisi ya fizi masiku ano imafika kwa makolo ambiri ngati chithunzi cha pa WhatsApp. Msungichuma wa sukulu amajambula zimene zili pa kompyuta yake, kapena mayi a mwana ajambula pafoni pawo n'kutumizira amalume amene amathandiza kulipira. Mafunso ali m'munsimu akutsata invoisi imodzi yachitsanzo, ya mwana wa sekondale yogonera konko yomwe si yaboma, ya teremu yachiwiri yoyamba mu Januwale 2026. Ndalama zake n'zongoyerekezera, koma masiku ake ndi a pa kalendala yeniyeni.

Ndalandira chithunzi cha invoisi. Ndiyambe kuona chiyani?

Musayambe ndi nambala yaikulu ya pansi, ngakhale maso amathamangira pomwepo. Yambani pamwamba: dzina la mwana, nambala yake ya kusukulu, kalasi, teremu, chaka, ndi tsiku limene invoisiyo inatuluka. Chithunzi chimene chadutsa m'mafoni atatu chikhoza kukhala cha teremu yatha, kapena cha mwana wina wa dzina lofanana ndi la wanu. A Banda ndi a Phiri m'kalasi imodzi sasowa, ndiye nambala ya mwana ndi imene imasiyanitsa.

Kenako onani m'mphepete monse mwa chithunzicho. Ngati mzere womaliza wadukira pakati, kapena penapake palembedwa `Page 1 of 2`, dziwani kuti muli ndi theka chabe. Malamulo a kalipiridwe, masiku omaliza ndi chindapusa cha ochedwa nthawi zambiri zimalembedwa pansi penipeni ndi timalemba ting'onoting'ono, ndipo malo amenewo ndi amene wojambula amadula chifukwa sikirini ya foni ndi yaifupi kuposa pepala. Kupanga dongosolo la zigawo ndi chithunzi chodukira n'kungotaya nthawi.

Manambala ena sakuoneka bwino. Ndingoganizira?

Ayi. WhatsApp imachepetsa chithunzi potumiza kuti chisadye bandulo, ndipo chikajambulidwanso kachiwiri pa foni ina timalemba timafufutika. Manambala amene amasokonezana kwambiri ndi 3 ndi 8, 5 ndi 6, 1 ndi 7. K380,000 ndi K330,000 zikusiyana ndi K50,000, koma pa chithunzi chofufutika zimaoneka ngati mapasa.

Pemphani kuti akutumizireni invoisiyo ngati PDF, kapena chithunzi chomwecho koma kudzera pa `Document`, chifukwa njira imeneyo simachepetsa. Poyembekezera, pali njira yoyesera nokha: wonkhetsani mizere yonse pa kakyuleta ya foni n'kuona ngati mukufika pa nambala yomwe sukulu yalemba pansi. Mukafika pomwepo, mwawerenga bwino. Mukasiyana ndi K50,000 kapena K10,000 yeniyeni, kawirikawiri ndi nambala imodzi imene mwaiwerenga molakwa, ndipo kusiyanako kumakuuzani malo oti mubwerereko.

Mafoni ena amatha kukopera zolembedwa za pa chithunzi. N'zothandiza pa dzina, koma pa ndalama ndi pa nambala ya akaunti bwerezani ndi maso, chifukwa nthawi zina amasandutsa 0 kukhala chilembo O, kapena kumeza kachizindikiro kolekanitsa masauzande.

Mizere ya pa invoisi ikutanthauza chiyani, ndipo ngongole yanga yeniyeni ndi iti?

Nayi invoisi yathu monga ikuonekera pa sikirini:

```
Balance b/f            45,000
Tuition               380,000
Boarding              420,000
PTA                    30,000
Mock exams             25,000
Total                 900,000
Less: payment recd   (100,000)
Amount due            800,000
50% by 05/01/2026
30% by 31/01/2026
20% by 03/03/2026
```

Mzere woyamba, `Balance b/f`, ndi ngongole yotsala ya teremu yapita. Mizere inayi yotsatira ndiyo fizi ya teremu ino: maphunziro, malo ogona ndi chakudya, ndalama ya komiti ya makolo ndi aphunzitsi, ndi mayeso oyeserera. Inayiyo pamodzi ndi K855,000. Mukaphatikiza K45,000 ya kale ija mukupeza K900,000. Nambala ili m'mikutiramawu ndi yochotsera: K100,000 imene banja linaperekeratu sukulu ikutsekera. Chotsala, K800,000, ndicho chimene chiyenera kutuluka m'thumba.

Choncho pa pepala limodzi pali manambala atatu amene munthu angawatche kuti "fizi": 855,000, 900,000 ndi 800,000. Zolakwa zambiri pogawa zigawo zimayambira apa. Chinanso choti muchenjere nacho: pa invoisi zina pafupi ndi nambala ya mzere woyamba pamalembedwa `CR`. Pamenepo si ngongole ayi, ndi ndalama yanu imene inatsalira kusukulu teremu yatha, ndipo imachotsedwa osati kuphatikizidwa.

Alemba kuti 50%. Ndi theka la ndalama iti?

Ili ndi funso lofunika kuposa onse, ndipo chithunzi pachokha sichiliyankha. Theka la K800,000 ndi K400,000. Theka la K855,000 ndi K427,500. Theka la K900,000 ndi K450,000. Kholo lililonse limasankha nambala imene lakonda, koma pageti tsiku lotsegulira imagwira ntchito ndi nambala ya msungichuma.

M'funseni molemba, funso lachindunji: "Pa invoisi ya mwana nambala yakutiyakuti, pofika pa 5 Januwale ndilipire ndalama zingati kuti alowe?" Musafunse za maperesenti, funsani makwacha. Yankho lakelo lisungeni pamodzi ndi chithunzi cha invoisi.

M'chitsanzo chathu sukulu yayankha kuti ngongole yakale ithe yonse poyamba, maperesenti akuwerengedwa pa fizi ya teremu ino, ndipo K100,000 yoperekeratu ija ichotsedwe pa chigawo choyamba. Masamu ake ali motere. Chigawo choyamba ndi K45,000 kuphatikiza K427,500, zomwe ndi K472,500, kuchotsapo K100,000, kutsala K372,500. Chachiwiri ndi 30% ya K855,000, yomwe ndi K256,500. Chachitatu ndi 20% yake, K171,000. Mukawonkhetsa zitatuzi muyenera kubwerera pa K800,000 ndendende. Zikakana kufika, musapitirire, pali pamene mwaphatikiza kawiri kapena mwaiwala mzere.

Taonani kuti amene akanangotenga theka la K800,000 akanalipira K400,000, mwana n'kulowa bwinobwino, koma akanaganiza kuti chigawo chachiwiri ndi K240,000. Zonse pamodzi K640,000, pamene sukulu pofika pa 31 Januwale ikufuna K629,000, ndiye iye wapulumuka mwamwayi. Koma zikanakhala kuti palibe ndalama yoperekeratu, theka la ngongole yonse likanakhala K450,000 pamene sukulu ikufuna K472,500, ndipo mwana akanabwezedwa ndi chikwama chake chifukwa cha K22,500.

Tsiku lalembedwa 05/01/2026. Ndi 5 Januwale kapena 1 Meyi?

Ku Malawi timayamba ndi tsiku, kenako mwezi, choncho ndi 5 Januwale. Koma mapulogalamu ena a pa kompyuta amabwera atatcheredwa kalembedwe ka ku Amereka koyamba ndi mwezi, ndipo m'bale wanu wokhala kumeneko akhoza kuwerenga mwa njira yake osadziwa. Yang'anani tsiku lina pa invoisi yomweyo lomwe lili ndi nambala yoposa 12. Pano tili ndi 31/01/2026, ndipo palibe mwezi wa 31, ndiye nambala yoyamba ndi tsiku. Pokopera m'kope lanu lembani mwezi ndi mawu, komanso dzina la tsikulo: Lolemba, 5 Januwale. Mukatero palibenso amene angawerenge mwina.

Ngati m'malo mwa deti alemba mawu onga `by mid-term` kapena `before exams`, funsani deti lenileni. Pakati pa teremu kwa kholo ndi sabata yathunthu, koma kwa msungichuma ndi tsiku limodzi limene amatulutsa mndandanda wa ana oti akatenge fizi kunyumba.

N'chifukwa chiyani mukuti ndilembe dzina la tsiku?

Chifukwa tsiku lomaliza la sukulu ndi tsiku lanu lolipira ndi masiku awiri osiyana, ndipo kalendala ndi imene imakuuzani kuti asiyane motani. Tengani masiku atatu a invoisi yathu.

Pa 5 Januwale 2026 ndi Lolemba, tsiku lotsegulira. Makolo onse amakhala pa mzere kubanki m'mawa womwewo, pamene mwana akuyeneranso kukwera basi. Lachinayi pa 1 Januwale ndi tchuthi. Tsiku labwino lolipira ndi Lachisanu pa 2 Januwale, kapenanso Lachitatu pa 31 Disembala, kuti mwana anyamuke silipi ili m'chikwama.

Pa 31 Januwale ndi Loweruka. Nthambi za banki zimene zimatsegula Loweruka zimagwira ntchito m'mawa wokha, ndipo ofesi ya msungichuma ikhoza kukhala yotseka. Mukalipira tsiku limenelo, ndalamayo angaione Lolemba pa 2 Febuluwale, tsiku lomaliza litadutsa. Lipirani Lachinayi pa 29 Januwale.

Pa 3 Malichi ndi Lachiwiri, koma ndi tsiku la tchuthi chokumbukira anthu amene anafera dziko lino. Mabanki satsegula. Pulogalamu yotulutsa invoisi siyang'ana zimenezo, imangolemba deti limene yauzidwa. Tsiku lantchito lapafupi ndi Lolemba pa 2 Malichi, koma labwino ndi Lachisanu pa 27 Febuluwale.

Langizo lathu ndi lakuti mubwerere m'mbuyo masiku awiri antchito kuchokera pa tsiku la sukulu, osawerengera Loweruka, Lamulungu ndi tchuthi. Ngati ndalama ikuchokera ku banki ina kapena kunja kwa dziko, wonjezerani masiku.

Ndalama zonse zipezeka teremu isanathe. Ndiye vuto lili pati?

Vuto lili pa nthawi. Sukulu sifunsa ngati ndalama zikwana pomaliza, imafunsa kuti pofika tsiku lakutilakuti mwapereka zingati. Choncho kulinganiza kwenikweni ndi kuika mizere iwiri pambalipambali: zimene sukulu ikufuna kuyambira poyamba kufika tsiku limenelo, ndi zimene inu mudzakhale mutapeza kuyambira poyamba kufika tsiku lomwelo.

Tinene kuti bambo amalandira malipiro chakumapeto kwa mwezi, ndipo atachotsa lendi, chakudya ndi thiransipoti angathe kupatula K200,000 mwezi uliwonse. Ya Disembala, ya Januwale ndi ya Febuluwale ndi K600,000. Azakhali a mwana a ku Joni alonjeza K200,000. Zonse pamodzi K800,000, ndendende ndi invoisi, ndipo banja likhoza kugona tulo poganiza kuti nkhani yatha. Koma tiyeni tiike pa masiku, titayesa kuti ndalama ya azakhali yafika chaka chisanathe:

| Tsiku la sukulu | Chigawo | Zofunika kufika pano | Zopezeka kufika pano | Kusiyana |
|---|---|---|---|---|
| 5 Januwale | 372,500 | 372,500 | 400,000 | +27,500 |
| 31 Januwale | 256,500 | 629,000 | 600,000 | −29,000 |
| 3 Malichi | 171,000 | 800,000 | 800,000 | 0 |

Mzere wapakati ndi umene uli ndi bowo. Pa 31 Januwale banja lipereweza K29,000, ngakhale kuti pomaliza zonse zikukwana. Bowo limeneli silioneka kwa munthu amene wangowonkhetsa ndalama za teremu yonse, limaoneka pokhapokha mutawerenga tsiku ndi tsiku. Ndipo taonaninso chimene tebuloli likunena za azakhali: ndalama yawo ikufunika isanafike 2 Januwale. Ikafika mu Febuluwale, pa tsiku lotsegulira banja lili ndi K200,000 yokha pamene sukulu ikufuna K372,500, ndipo bowo la pa 31 Januwale likukula kufika K229,000. Mukamapempha thandizo kwa m'bale, tchulani ndalama ndi tsiku limodzi, osati ndalama yokha.

Chinthu china chobisika mu mzere woyamba ndi K27,500 yotsalayo. Imeneyo si yaulere, ili kale ndi mwini wake, chigawo chachiwiri. Ikagulira mwana shuga ndi sopo wopita naye kusukulu, bowo la K29,000 lija lisanduka K56,500. Njira yosavuta yoitetezera ndi kuilipiriratu: perekani K400,000 yonse pa chigawo choyamba, ndipo pa 29 Januwale mudzangofunika K229,000.

Ndingapange bwanji tebulo ili pa foni kapena pa kompyuta?

Kope ndi cholembera n'zokwanira, mizere itatu si yambiri. Koma ngati mumagwiritsa ntchito Excel kapena Google Sheets, ikani tsiku mu A, chigawo mu B, ndi ndalama yatsopano yokha yolowa tsikulo lisanafike mu C, osaphatikiza ya mizere ya pamwamba, kuyambira mzere wa 2. Mu D2 lembani izi, n'kukokera pansi:

```
=SUM($C$2:C2)-SUM($B$2:B2)
```

Paliponse pamene yankho latuluka ndi chizindikiro chochotsera, pamenepo ndi pamene mudzapereweze. Lembani manambala opanda K kutsogolo, chifukwa mukalemba K200,000 pulogalamu imayesa kuti ndi mawu ndipo siwonkhetsa.

Malipiro a Disembala ndiwawerengere chigawo chiti?

Choyamba, ndipo apa m'pamene mabanja ambiri amagwera. Malo antchito ena amalipira msanga mu Disembala chifukwa cha Khirisimasi, ndalama n'kukhala m'manja masabata awiri, nthawi imene pali zisangalalo, alendo, feteleza wobereketsa ndi yunifolomu. Pofika pa 2 Januwale K200,000 ija yaphwanyika. Ngati invoisi muli nayo kale, lipirani tsiku limene malipiro alowa. Sukulu sikana ndalama yobwera msanga.

Lamulo lake n'losavuta: ndalama iliyonse ilembedwe pa chigawo chimene tsiku lake likubwera pambuyo pa tsiku limene ndalamayo ilowe. Malipiro amene amalowa pa 27 angathe kulipira chigawo cha pa 31, koma ngati kuntchito kwanu amachedwa mwezi ndi mwezi mpaka pa 2 kapena pa 3, musawerengere tsiku la pa kalata ya ntchito, werengerani tsiku limene ndalama inalowadi miyezi itatu yapitayi. Chimodzimodzi ndalama ya geni ndi ya zokolola: soya ndi fodya zimene zili kumunda mu Januwale sizingalipire teremu yachiwiri, n'za teremu yachitatu.

Ndaona bowo la K29,000. Ndichite chiyani?

Pitani kapena lembani kwa msungichuma m'sabata yoyamba ya teremu, osati pa 30 Januwale. Pempho lanu likhale ndi manambala: "Pa 29 Januwale ndidzapereka K200,000, kupangitsa zonse kukhala K600,000. K29,000 yotsala ndidzaiphatikiza pa chigawo chomaliza, ndipo pa 27 Febuluwale ndidzapereka K200,000 kutseka ngongole yonse." Pempho lotere ndi losavuta kulivomera kusiyana ndi "tikomereni mtima, zinthu zavuta", chifukwa likuonetsa tsiku limene nkhani ithe. Akavomera, pemphani alembe, ngakhale pa uthenga wa foni, ndipo funsani ngati aphunzitsi aakulu kapena amene amawerenga mayina a obwezedwa adziwitsidwa. Kawirikawiri amene wavomera ndi wina, wothamangitsa ana ndi winanso.

Akakana, mwadziwa kukula kwa ngongole yoti mubwereke: K29,000 kwa mwezi umodzi, osati K256,500. Imeneyo banki mkhonde kapena m'bale angathe kukubwerekani. Musanapite kwa akatapila, yerekezani chiwongoladzanja chawo ndi chindapusa cha sukulu, chifukwa nthawi zina chindapusacho n'chocheperapo. Onaninso ngati chindapusa chikuwerengedwa pa ndalama yochedwa yokha kapena pa ngongole yonse yotsala. 5% ya K29,000 ndi K1,450, koma 5% ya K200,000 ndi K10,000.

Kodi ndingagawe chigawo chimodzi m'tizigawo tanga ting'onoting'ono?

Mungathe, bola tonse tifike tsiku la sukulu lisanakwane. Kwa wa geni amene ndalama imabwera tsiku ndi tsiku, K256,500 ndi yovuta kuisunga panyumba, koma kuyambira pa 5 kufika pa 29 Januwale angapereke K85,500 katatu. Kumbukirani kuti potumiza pa foni ulendo uliwonse umakhala ndi ndalama yodulidwa, ndipo malipiro aliwonse amafuna risiti yake. Katatu kapena kanayi n'kokwanira. Kutumiza K10,000 tsiku lililonse kumachulukitsa mpata woti imodzi isalembedwe pa dzina la mwana.

Nambala ya akaunti ili pa chithunzi. Ndiikhulupirire?

Musaikhulupirire musanaitsimikize. Chithunzi n'chosavuta kusintha, munthu akhoza kufufuta nambala ya sukulu n'kuikapo yake, zina zonse n'kuzisiya momwemo. Yerekezani ndi nambala ya pa silipi ya teremu yatha. Ngati yasintha, imbani kusukulu pa nambala ya foni imene muli nayo kale, osati imene yalembedwa pa chithunzicho kapena imene yakutumizirani uthengawo. Potumiza pa foni, dzina la mwini akaunti likatuluka liwerengeni musanaike nambala yachinsinsi. Ngati likutuluka dzina la munthu pamene mukuyembekezera la sukulu kapena la bungwe limene limayendetsa sukuluyo, imani kaye.

Nanunso potumizira abale chithunzicho, chitumizeni kwa munthu mmodzimmodzi osati pa gulu. Dzina la mwana, sukulu, kalasi ndi ngongole ndi zida zokwanira kwa wakuba woimba foni kuti "mwana wanu wabwezedwa, tumizani msanga pa nambala iyi".

Ndalipira pa nthawi, koma sukulu ikuti sinalandire. Chachitika n'chiyani?

Kawirikawiri ndalama inafika, koma sikudziwika kuti ndi ya ndani. Msungichuma akatsegula sitetimenti ya banki amaona mizere yambirimbiri ya ndalama zofanana. Ngati pa mzere wanu pakuoneka dzina la ejenti wa Airtel Money kapena wa Mpamba amene anakutumizirani, kapena dzina la amalume amene silifanana ndi la mwana, ndalamayo imangokhala pambali kudikira mwini wake. Pa malo a `Reference` kapena `Narration` lembani nambala ya mwana poyamba, dzina pambuyo, chifukwa malowo ndi aafupi ndipo mawu omaliza amatha kudulidwa.

Chachiwiri ndi ndalama yodulidwa. Ngati mwapatsa ejenti K256,500 yeniyeni iye n'kuchotsapo yotumizira, kusukulu kwafika yochepera, ndipo pa kompyuta chigawo chikuoneka kuti sichinathe ngakhale chaperewera K2,000 yokha. Yotumizira iperekedwe padera. Wa kunja naye muuzeni ndalama imene iyenera kufika m'makwacha, osati imene atumize m'marandi, chifukwa mphamvu ya ndalama imasintha pakati pa tsiku lolonjeza ndi tsiku lotumiza.

Chachitatu ndi nthawi. Kutumiza kuchoka ku banki ina kupita ku ina nthawi zina kumafika pompopompo, nthawi zina kumadikira tsiku lantchito lotsatira, makamaka ndalama ikakhala yambiri kapena mwatumiza madzulo. Akaunti za pa foni zilinso ndi malire a ndalama yotumiza pa ulendo umodzi ndi pa tsiku, ndiye fufuzani malire anu tsiku lolipira lisanafike. 

Silipi ya kubanki si risiti kodi?

Si risiti. Silipi ndi umboni wakuti ndalama inalowa mu akaunti ya sukulu. Risiti ya sukulu ndi umboni wakuti yalembedwa pa dzina la mwana wanu. Chigawo chatha pokhapokha muli ndi ziwiri zonsezi. Silipi ijambuleni tsiku lomwelo, chifukwa timapepala tonyezimira ta m'makina timafufutika tikakhala m'chikwama kapena padzuwa, ndipo uthenga wa pa foni wotsimikiza kutumiza musaufufute, muli nambala imene msungichuma angafufuzire.

M'kope lanu lija, pa mzere wa chigawo chilichonse onjezani malo atatu: tsiku limene mwalipira, nambala ya silipi kapena ya uthenga, ndi nambala ya risiti. Malo achitatuwo akakhala opanda kanthu patatha masiku atatu antchito, imbani.

Ndalipira chigawo choyamba, koma akuti chidakali chosakwana. Zatheka bwanji?

Yang'anani ngongole yakale. Mabuku ambiri a ndalama amatenga chilichonse cholowa n'kuyamba kutseka ngongole yakale kwambiri. Kholo limene layiwala K45,000 ya pamwamba ija n'kulipira K327,500 poganiza kuti ndi theka la teremu ino kuchotsa K100,000, lidzapeza kuti K45,000 yoyamba yapita ku teremu yatha, ndipo pa teremu ino lapereweza yomweyo.

Ngati mukukhulupirira kuti ngongole yakaleyo munalipira, musakangane pageti. Pemphani sitetimenti ya mwana, yomwe imasonyeza ndalama iliyonse yolowa ndi tsiku lake, n'kuiyerekeza ndi marisiti anu mzere ndi mzere. Pamene risiti yanu palibe pa sitetimenti, pamenepo ndi pamene ndalama inasochera.

Ndili ndi ana awiri pa sukulu imodzi. Ndilipire pamodzi?

Dongosolo la masiku lipangeni limodzi, pophatikiza zigawo za ana onse zimene zikugwera tsiku lofanana, kuti muone bowo lenileni la banja. Koma polipira tumizani padera, aliyense ndi nambala yake. Ndalama imodzi ya ana awiri imatha kulembedwa yonse pa mwana mmodzi, wina n'kuoneka kuti walipira mopitirira, winayo n'kubwezedwa. Ngati sukulu imachotsera mwana wachiwiri, onetsetsani kuti kuchotserako kwalembedwa pa invoisi musanakuwerengere, ndipo funsani ngati kuli pa maphunziro okha kapena pa fizi yonse.

Pakati pa teremu atumiza chithunzi china, ndalama zasintha. Nditsate chiti?

Onani nambala ya invoisi ndi tsiku lake pa zithunzi ziwirizo, n'kufunsa ngati yatsopanoyo ikulowa m'malo mwa yakale kapena ndi yowonjezera. Zimasiyana kwambiri. Tinene kuti mu Febuluwale awonjezera K40,000 pa chakudya. Ngati ndi invoisi yolowa m'malo, fizi ya teremu yakhala K895,000, ndipo muyenera kuona kuti ndalama zonse zimene mwalipira kale zachotsedwa. Munthu amene wapereka K100,000, K400,000 ndi K200,000 ayenera kuona `Amount due` ya K240,000, kuchokera pa K940,000 kuchotsa K700,000. Ikatuluka K440,000, ndiye kuti K200,000 ya pa 29 Januwale sinalembedwe, kapena invoisiyo inatuluka isanalembedwe. Funsaninso kuti K40,000 yatsopanoyo ikugwera pa 3 Malichi kapena ili ndi tsiku lake, n'kuiika pa tebulo ngati mzere wina.

Zithunzi zakale musazifufute, koma zichotseni pamaso: pangani foda imodzi ya teremu, n'kusintha dzina la chithunzi chilichonse kuti likhale ndi tsiku lake. Abale amene akuthandiza kulipira atumizireni chatsopano n'kuwauza kuti chakale chija chatha ntchito.

Nanga fizi ya mayeso a MANEB ndiiike pa dongosolo lomweli?

Iikeni pa tebulo lomwelo kuti muone mwezi umene ikugwera, koma pa mzere wake. Mayeso oyeserera a pa invoisi yathu ndi a sukulu, ndipo msungichuma angakudikireni. Ndalama ya mayeso a boma a Fomu 2 ndi Fomu 4 imayendera tsiku limene MANEB yalengeza, ndipo sukulu ilibe mphamvu yolisuntha. Ngati sukulu yaiphatikiza pa invoisi, funsani tsiku lake padera ndipo ilipireni yokha, ndi mawu osonyeza kuti ndi ya mayeso, kuti isamezedwe ndi ngongole yakale ya fizi. Mukalipira, funsani mwana ngati dzina lake, maphunziro amene akulemba ndi tsiku lake lobadwa zaoneka bwino pa mndandanda wa olembetsa umene sukulu imawapatsa kuti atsimikize.